Tsitsi la m'mbali mwa chipumi latha ndi kuluka, kodi lidzameranso?

Anaphiri a ku Muchini:
Amayi ndi asisi a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndamasula meshi dzulo ndipo ndapeza kuti tsitsi la kutsogolo, makamaka m'mbalimu pamwamba pa makutu, lathothoka kwambiri. Kumanzere latsalako lopyapyala, koma kumanja kuli malo okwana zala ziwiri pomwe khungu likuonekeratu. Chondidabwitsa n'chakuti kutsogolo kwenikweni kwatsala kamzere ka titsitsi tatifupi, ndiye dazilo lili kumbuyo kwa kamzereko. Ndili ndi zaka 29. Chiyambireni ntchito mutu wanga sukhala wosaluka, ndikamasula Lachisanu, Loweruka ndakhala kale pa mpando kwa woluka. Ndimakonda zing'onozing'ono zofika m'chiuno, ndipo kuntchito ndimazimanga pamwamba kuti zisamandigwere kumaso. Rilakisa ndimaikanso. Tsopano mwezi wamawa kuli kichini pate ya mng'ono wanga. Ndikuganiza zosokerera wivi ya tsitsi logwera kutsogolo kuti pabisike. Kodi ndi bwino? Nanga tsitsili lidzameranso?

Anatembo a ku Petauke:
Pepani asisi. Gulani mafuta a nsatsi, akuda aja, muzipaka m'mawa ndi madzulo uku mukutikita ndi zala. Langa linathanso choncho, ndinasiya kuluka, ndinapaka nsatsi, ndipo lero linabwerera lonse. Ena amawonjezako anyezi kapena adyo.

Anamwino a ku Katete:
Anaphiri, musanagule chilichonse ndiyankheni izi. Tsiku lomwe mwaluka, mutu umapweteka? Mumagona bwino usiku woyamba? Munaonapo tiziphuphu m'mizere ya kutsogolo, kapena tinthu toyera tokulunga tsitsi pafupi ndi khungu? Muli ndi mwana woyamwa kapena muli ndi pakati? Nanga nsidze zanu zili bwino, sizikuthothoka?

Anaphiri a ku Muchini:
Kupweteka ndiye nthawi zonse amayi. Ndimamwa panado ndikachoka ku saluni, ndipo masiku oyamba ndimagona chafufumimba chifukwa pilo akakhudza mutu ndimamva kuwawa. Tiziphuphu timatuluka, tina timakhala ndi mafinya, ndimaganiza kuti ndi thukuta. Mwana woyamwa ndilibe, pakati ndilibenso, koma ine ndi bambo a kunyumba tikufuna mwana. Nsidze zili bwino.

Anamwino a ku Katete:
Zikomo. Sindinakuoneni ndi maso, koma zonse mwafotokozazi zikuloza kumodzi: tsitsi lathothoka chifukwa chokokedwa mwamphamvu kwa nthawi yaitali. Kuchipatala akakuuzani kuti ndi thirakishoni alopesha. Kamzere ka titsitsi mwatchulako n'chizindikiro chake chodziwika bwino. Titsitsi ta kutsogolo kwenikweni n'tatifupi kwambiri, woluka satha kutigwira, ndiye timapulumuka. Lomwe limazuka ndi la kumbuyo kwake, lomwe limanyamula meshi.

Kupweteka kuja si chizindikiro chakuti zalukidwa bwino. Ndi mizu ya tsitsi ikuvulala. Tiziphuphu tija si thukuta, ndi khungu lozungulira muzu litatupa. Zikachitika kamodzi kapena kawiri muzu umachira n'kutulutsa tsitsi lina. Zikamachitika mwezi ndi mwezi kwa zaka, muzu umayamba kutulutsa tsitsi lopyapyala, kenaka umafa, ndipo pamalopo pamakhala chipsera chosaoneka ngati bala. Pomwe muzu wafa palibe mafuta kapena mankhwala omwe angameretse tsitsi.

Inu mwakumanitsa zinthu zonse zolemetsa pamalo amodzi: tsitsi lofewetsedwa ndi rilakisa, meshi yaitali, kuimangiranso pamwamba, komanso kusapumitsa mutu. Wivi yosokerera ndikukuletsani ndithu. Imasokedwa pa mukule wothina, ulusi umakokanso, ndipo mzere woyamba udzadutsa pomwe padwala kale.

Anatembo a ku Petauke:
Koma amayi namwino, nsatsi inandithandiza ine. Sindikunena zomva kwa anthu.

Anamwino a ku Katete:
Sindikukutsutsani kuti linamera, Anatembo. Koma mwanena nokha kuti munasiya kuluka nthawi yomweyo. Chomwe chinapulumutsa mizu yanu n'chimenecho. Mafuta a nsatsi amafewetsa tsitsi kuti lisamaduke, ndipo pang'ono pokha si oipa. Koma pakhungu lomwe lili ndi tiziphuphu, mafuta olemera amawonjezera vuto. Adyo ndiye musayese n'komwe, amawotcha khungu mpaka matuza, ndipo bala pamalo ngati amenewo ndi chipsera china.

Anatembo a ku Petauke:
Ine ndikhalabe ndi nsatsi yanga. Za adyozo ndamva.

Amake Dalitso, woluka ku Kapata:
Ndilankhuleko ine monga wa ntchitoyi, chifukwa nkhani zotere zikabuka onse amaloza ife oluka. Zoona alipo anzathu a dzanja lolemera, omwe amatola ngakhale katsitsi kamodzi ka pachipumi kuti mzere uoneke woyera. Koma makasitomala nawonso mumatiuza nokha kuti gwirani kwambiri, ndalipira ndalama zambiri, zikhale miyezi itatu. Ndikaluka mofewa, pakatha masabata atatu munthu akubwera kudandaula kuti zafutukuka, ndipo ulendo wina amapita kwa wina.

Anaphiri, vuto la zing'onozing'ono zazitali ndi ili. Woluka amagawa tsitsi lanu m'tizigawo tating'ono, ndiye kagawo kalikonse kali ndi titsitsi towerengeka. Pa titsitsi timeneto akumangirirapo meshi yofika m'chiuno. Kumbuyo ndi pakati pa mutu tsitsi n'lokhuthala, limapirira. M'mbali mwa chipumi n'lofewa mwachibadwa, silingathe. Lamulo langa n'lakuti meshi yomwe ndikuwonjeza isakule kuposa tsitsi la mwini lomwe ndagawa, ndipo kutsogolo ndimagawa zigawo zazikuluko n'kuikapo meshi yochepa. Ngati munthu walola, ndimayamba kuluka ndi tsitsi lake lokha, meshi n'kumailowetsa pang'onopang'ono, popanda mfundo ija ya pakhungu.

China chomwe anthu sadziwa. Zoluka zikakhalitsa, tsitsi limakula ndipo cholukacho chimayamba kulendewera. Anthu amati tsopano zafewa, palibe vuto. Koma mwa titsitsi tomwe tinagwira poyamba, tina tinathothoka kale mwa nthawi yake, ndiye kulemera konse kwatsalira tochepa. Kutsogolo mudzaona cholukacho chikuzungulira pa titsitsi tiwiri kapena titatu. Pamenepo chimachoka ndi muzu womwe.

Anabanda a ku Kalongwezi:
Amake Dalitso, nanga munthu angadziwe bwanji ali pa mpando pomwepo kuti zathina mopitirira? Chifukwa ukadandaula amati kukongola n'kupirira, ukafika kunyumba uikepo thaulo la madzi otentha zifewa.

Amake Dalitso, woluka ku Kapata:
Mzere woyamba ukatha, kwezani nsidze, tsekani maso mwamphamvu, kenaka weramitsani mutu chibwano chifike pachifuwa. Mukamva kukoka, uzani woluka amasule mzere umenewo nthawi yomweyo, asanapitirire. Yang'ananinso pagalasi. Khungu likakwera ngati katenti m'munsi mwa cholukacho, kapena maso akakokekera m'mbali, zathina. Thaulo lotentha limangoziziritsa ululu, tsitsi limakhalabe lokokedwa. Ndipo tsiku loyamba musamange pamwamba, zisiyeni zigwere pansi.

Woluka akakana kumasula, nyamukani. Ndikudziwa n'kovuta mutu uli theka, tengani chitambala m'chikwama.

Anamwino a ku Katete:
Amake Dalitso mwanena zoona zokhazokha. Ndingowonjeza kuti ngati munthu wafika kunyumba ndipo usiku walephera kugona ndi ululu, kapena m'mawa waona tiziphuphu, amasule ngakhale mizere ya kutsogolo yokha. Ndalama zapita, inde. Zoluka zofewa zomwe zisapitirire masabata 6 mpaka 8.

Atate ake Mabvuto:
Amayi ndiloleni ndifunseko. Inenso dazi layamba pachipumi ndi paliwombo, koma sindinalukepo. Akazi anga amati ndi chisoti cha njinga yamoto chomwe ndimavala tsiku lonse pa msewu wa ku Mwami. Ndiye kuti ndi matenda omwewa?

Anamwino a ku Katete:
Ayi abambo, lanulo likumveka ngati dazi la amuna lotengera ku mtundu. Onani atate anu ndi amalume anu. Chisoti musasiye kuvala.

Amake Chisomo:
Wanga ndi mwana wa giredi 3. Ndimamumanga timaponi ndi timphira tsiku lililonse popita kusukulu. Tsopano ali ndi malo ozungulira kumbuyo kwa mutu, tsitsi laduka, pali ngati phulusa ndipo akukanda kwambiri. Ndasiya timphira sabata ino koma sizikusintha. Ndidikire miyezi ingati?

Anamwino a ku Katete:
Amake Chisomo, inu musadikire. Malo ozungulira, oyabwa, okhala ndi mfundu komanso tsitsi loduka pafupi ndi khungu, pa mwana wa msinkhu umenewo, nthawi zambiri ndi chipere. Pitani naye kukiliniki sabata yomwe ino. Chipere cha m'mutu sichitha ndi mankhwala opaka okha, chimafuna akumwa kwa masabata angapo, ndipo ana ena m'nyumbamo asabwerekane naye chipeso, chisoti kapena pilo. Koma timphira mwachita bwino kusiya. Ana ambiri amayamba kutha tsitsi la m'mbali ali ku pulayimale, chifukwa akalira pomangidwa timawauza kuti akhale chete.

Ambuya a ku Chadiza:
Ana anga, ife tinakula tikuluka mukule ndi kumanga tsitsi ndi ulusi, koma zipumi zathu zilipo mpaka lero. Tinkaluka tsitsi lathu lokha, popanda zolemera za kusitolo, ndipo pakatha sabata kapena awiri tinkamasula. Anaphiri mwanawe, ingometa mpala. Tsitsi lometedwa limamera lamphamvu.

Anazulu:
Ambuya, ndi ulemu wonse, ulusi nawonso unkatha anthu tsitsi. Azakhali anga sanaikepo meshi moyo wawo wonse koma chipumi chawo chinafika pakati pa mutu, chifukwa cha ulusi wothina ndi chitambala chomangidwa pamalo amodzimodzi tsiku ndi tsiku.

Anamwino a ku Katete:
Onse awiri muli ndi mbali yanu. Ambuya akunena zoona kuti kulemera kwa meshi ndi rilakisa zawonjezera vutoli. Anazulu akunenanso zoona, chilichonse chokoka malo amodzi nthawi yaitali chingathe tsitsi, ngakhale kachipewa kathu ka unamwino komwe kale tinkakamanga ndi mapini. Ku Cape Town madokotala a khungu anawerengapo anthu a m'dera lina la mzindawo lotchedwa Langa, ndipo zomwe anafalitsa mu 2007 zinaonetsa kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vutoli. Chiopsezo chinali chachikulu mwa omwe ankaluka pa tsitsi la rilakisa.

Za kumeta, lumo silifika ku muzu, ndiye silingasinthe mphamvu ya tsitsi lomera. Ubwino wa kumeta ndi umodzi wokha, woti palibe chotsala choti munthu akoke. Amene angakwanitse kuyenda ndi tsitsi lalifupi achite, koma lezala lisafike pakhungu lomwe lili ndi ziphuphu.

Anaphiri a ku Muchini:
Ndamva zonse, koma funso langa lalikulu likadalipo. Ndidziwa bwanji ngati mizu yanga ili moyo kapena inafa?

Anamwino a ku Katete:
Chitani izi mawa masana. Sambani m'mutu, musapake mafuta kapena jelo, tulukani panja pamthunzi pomwe pali kuwala kokwanira. Wina akujambuleni ndi foni pafupi, mbali iliyonse payokha, kenaka kulitsani chithunzicho. Mukufuna zinthu ziwiri: timabowo tating'ono pomwe tsitsi limatulukira, ndi titsitsi tofewa ngati ta mwana wakhanda. Zikaoneka, mizu ilipo. Khungu likakhala losalala, lonyezimira, lopanda timabowo, pamenepo mwayi ndi wochepa. Kawirikawiri mutu umodzi umakhala ndi zonse ziwiri, pakati pa dazilo pafa koma m'mphepete muli moyo. Chithunzi cha foni chimangopereka chithunzithunzi, wotsimikiza ndi dokotala woona ndi galasi lokulitsa.

Kenaka muzijambula kamodzi pamwezi, malo omwewo, nthawi yomweyo. Osayang'ana tsiku lililonse, mudzangodwala nazo mtima. Muzu wovutitsidwa umayamba wapuma kaye pafupifupi miyezi itatu usanatulutse tsitsi latsopano, ndipo likatuluka limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi. Ndiye pa kichini pate simudzaona kusintha kulikonse, ndipo zimenezo sizidzatanthauza kuti zalephereka. Chigamulo chenicheni chimabwera pakati pa miyezi 6 ndi chaka.

Pa nthawi yonseyi: meshi ayi, wivi yosokerera ayi, guluu ayi, rilakisa ayi, poni yothina ayi. Ndipo kabulashi kaja kogonekera titsitsi ta kutsogolo ndi jelo kasiyeni, mukupala pomwe pakufuna kuchira.

Tisa:
Manje bwanji osangogula minokisidili? Ku famase amagulitsa, mnzanga wa ku koleji amapaka ndipo titsitsi tatuluka. Amati ya 5 peresenti ndiye yamphamvu.

Anamwino a ku Katete:
Tisa, mankhwalawo ndi enieni, ndipo madokotala amawalembera anthu a vutoli pomwe mizu idakali moyo. Amapakidwa pakhungu louma lopanda zilonda, tsiku lililonse, ndipo zotsatira zimayamba kuoneka pakatha miyezi itatu kapena kuposa. Masabata oyamba tsitsi lingathothoke kwambiriko, ndipo akamayenderera kumaso amameretsa cheya m'masaya. Pa chipsera sagwira ntchito. Koma wawerenga zomwe Anaphiri ananena? Akufuna mwana. Mankhwalawa saloledwa kwa mayi wapakati kapena woyamwitsa, ndiye sindingawauze kuti akagule okha.

Anaphiri, pitani kukiliniki pomwe tiziphuphuto tidakalipo kuti akatione. Akaona kuti pali mafinya angakupatseni mankhwala opha tizilombo, ndipo pa kutupa pali mankhwala opaka a masiku owerengeka. Muwauze za mwanayo asanalembe chilichonse, chifukwa ena mwa mapiritsi a ziphuphu saperekedwa kwa woyembekezera. Akaona kuti mpofunika akutumizani ku Chipata Central, ndipo madokotala a khungu alinso ku UTH ku Lusaka. Timachubu ta pamsika tomwe anthu amasakaniza m'mafuta oyeretsa khungu musapake pamenepo. Timachotsa kuyabwa msanga, koma tikapakidwa nthawi yaitali timapyapyalitsa khungu.

Tisa:
Nanga akasiya kupaka silithothokanso? Mnzangayo akuopa zimenezo.

Anamwino a ku Katete:
Pa dazi la ku mtundu limathothokadi munthu akasiya. Pa la kukokedwali zimasiyana munthu ndi munthu, chifukwa choyambitsa chake chikachotsedwa ena tsitsi limakhalabe. Akafunse yemwe anamulembera asanasiye.

Anabanda a ku Kalongwezi:
Ine langa linathothoka m'mbali momwemo mwana ali ndi miyezi itatu, ndipo ndinali ndisanaluke. Linabwerera lokha mwana asanakwanitse chaka. Mwina Anaphiri angodikira basi.

Anamwino a ku Katete:
Lanulo ndi la pambuyo pa uchembere, limabwerera lokha. Koma mwatikumbutsa chinthu chofunika. Amayi ambiri amaluka zing'onozing'ono atangochira kuti asavutike ndi kupesa, ndiye meshi imakumana ndi tsitsi lomwe likuthothoka kale. Anaphiri, mukadzakhala ndi mwanayo mudzakumbukire zimenezi.

Anaphiri a ku Muchini:
Ndabweranso. Mng'ono wanga wandijambula monga munanenera. Kumanzere titsitsi tofewa tilipo tambiri. Kumanja m'mphepete tilipo, koma pakati pali kamalo kokwana chala chachikulu komwe kakunyezimira, sindikuonapo kanthu. Ndalira, sindinama. Kukiliniki ndipita Lolemba. Koma za kichini pate zavuta. Ife a pamzere tinagwirizana kuti tonse tisokerere wivi yofanana, ndalama tinasonkha kale, ndipo amayi otsogolera mwambo sakufuna wina aoneke mosiyana.

Anazulu:
Auzeni zoona basi. Mwambo ndi wa tsiku limodzi.

Ambuya a ku Chadiza:
Si zophweka choncho Anazulu, ndi mkulu wake wa mkwatibwi, maso onse adzakhala pa iye. Koma chitambala cha chitenje chomwecho chomangidwa bwino sichinanyozetsepo munthu pa mwambo. Chingomangidwa mofewa, mfundo isakhale pachipumi.

Amake Dalitso, woluka ku Kapata:
Pali njira yoti mufanane ndi anzanu osasokerera. Wivi yomweyo yomwe mwagula isokedwe pa kachisoti ikhale wigi, oluka ambiri amatha. Pansi pake tsitsi lanu lilukidwe mukule waukulu, mizere isanu kapena isanu ndi umodzi, wopanda meshi, woyambira kumbuyo kwa malo odwalawo. La m'mbali lisagwidwe n'komwe. Tizipeso tomwe timabwera m'kati mwa wigi tidulidwe, makamaka ta kutsogolo ndi m'mbali, chifukwa timakola pomwepo. Guluu osaika. Lamba wa kumbuyo amangidwe poti wigi isagwe povina, koma chala chizitha kulowa pansi pake. Valani popita, vulani mukangofika kunyumba.

Anamwino a ku Katete:
Ya tsiku limodzi yotere ndikuvomera, bola tiziphuphu tikhale titapola. Chomwe ndimaopa n'chakuti wigi ikabisa bwino, munthu amayamba kuivala tsiku lililonse m'mawa mpaka usiku, m'mphepete mwake n'kumakhula malo omwewo, ndi kutentha kwathu kuno. Kuntchito ndingakonde mupite ndi tsitsi lanu.

Amake Dalitso, woluka ku Kapata:
Apo amayi namwino tisiyana pang'ono. Si ntchito zonse zomwe munthu angapite ndi dazi poyera, ndipo ndaona ambiri atachira akuvala wigi yofewa. Kachisoti ka pansi kakhale ka nsalu yoterera, asamakakokere pa malo odwalawo.

Anaphiri a ku Muchini:
Za kuntchito ndiganizabe, mwina ndidula lifupike ndione ngati ndingazolowere. Amake Dalitso, wigiyo imatenga nthawi yaitali bwanji kusoka, ndipo mutu amayeza ndisanaluke mukule kapena nditaluka?

Amake Dalitso, woluka ku Kapata:
Tsiku limodzi likwana, koma perekani kudakali sabata kuti muiyese ndi kukonza pomwe pathina. Ayeze mutaluka kale mukule, apo ayi idzakhala yaing'ono ndipo idzakufinyani m'mbali momwemo. Woluka mukuleyo mumuonetse chithunzi cha kumanjako asanagwire chipeso.